Makina Ochonga Mayeso ndi Ana a ku Angónia: Zimene Amatha ndi Zimene Amaphonya

Kuyambira mu 2008, wophunzira wa kalasi 12 ku Mozambique salembanso mayankho ataliatali pa mayeso ambiri a boma. Amapatsidwa mafunso, lililonse lili ndi mayankho anayi, A, B, C ndi D, ndipo iye amasankha limodzi n'kuika chizindikiro papepala lapadera la mayankho. Pa masamu ndi fizikisi mafunsowa amakhala 40, ndipo popeza m'dziko muno malikisi amayambira pa 0 kulekeza pa mavalore 20, akagawidwa mofanana funso lililonse limakhala ndi theka la valore. Pepala la mayankholo silichongedwa ndi mphunzitsi wa ku Ulongwe kapena wa ku Domwe amene amamudziwa mwanayo. Limachoka pasukulu lili m'envulopu yomata, n'kukawerengedwa ndi makina kutali.

Amene akufuna malo ku yunivesite amakumananso ndi zomwezi. Papepala la mayeso olowera ku Universidade Eduardo Mondlane pamakhala chenjezo loti makina amapha funso lililonse limene layankhidwa kawiri kapena lili ndi zofufutafufuta, choncho wolemba ayambe wadetsa ndi pensulo ya HB, ndipo akatsimikiza yankho ndiye apondereze ndi bolopeni. Mwana wa mlimi wa mbatatesi amene akulakalaka kukaphunzira zaulimi ku UniZambeze, pa Ulongwe pompano, njira yake imadutsa pa timabokosi totere. Kutsidya la malire, ku Zambia, mayeso a Giredi 7 nawonso akhala akuchongedwa ndi makina kwa zaka zambiri.

Anthu amaziona mosiyana. Ena amati makina abweretsa chilungamo, pakuti sadziwa mwana wa mfumu kapena wa wamasiye. Ena amati tapereka tsogolo la ana kwa chinthu chimene sitingachifunse mafunso. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma sitingaziyeze bwino tisanadziwe zimene zimachitikira pepala likalowa m'makinamo.

Zimene makina amachita ndi pepala

Makina oyamba ochonga mayeso amene anagulitsidwa kwambiri anali IBM 805, m'chaka cha 1938, ndipo nzeru yake inachokera kwa Reynold Johnson, mphunzitsi wa sekondale ku Michigan m'dziko la America. Makinawo sankaona pepala. Ankadutsitsa magetsi m'makala a pensulo, n'chifukwa chake pankafunika pensulo yeniyeni. Masiku ano njira yofala ndi ina: pepala limajambulidwa ndi sikana, kapena foni imene, ndipo pulogalamu ya pakompyuta ndi imene imawerenga chithunzicho.

Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Likajambulidwa pa 200 dpi, kutanthauza timadontho 200 pa inchi iliyonse, chithunzi chake chimakhala cha timadontho pafupifupi 1,650 m'lifupi ndi 2,340 m'litali. Kadontho kalikonse kamakhala ndi nambala yosonyeza kuda kapena kuyera kwake, kuyambira 0 pamene pali bii mpaka 255 pamene pali mbee. Kwa kompyuta, pepala la mwana ndi manambala amenewa basi.

Ntchito yoyamba ndi kuwongola chithunzi. M'makona anayi a pepala mumasindikizidwa zizindikiro zakuda, ndipo mapepala ena amakhalanso ndi timizere takuda m'mphepete, kamodzi pa mzere uliwonse wa mafunso. Pulogalamu imafunafuna zizindikirozi, n'kuzigwiritsa ntchito potembenuza ndi kutambasula chithunzi mpaka chifanane ndi pepala loyambirira limene ikulidziwa. Ikatero, imadziwa kuti kabokosi ka B ka funso 7 kali pakutipakuti.

Ntchito yachiwiri ndi kuyeza kuda kwa kabokosi kalikonse. Kabokosi ka mamilimita 5 m'lifupi ndi 4 m'litali kamakhala ndi timadontho pafupifupi 1,200. Pulogalamu imawerenga kuti mwa timadontho timeneti takuda ndi tingati. Ngakhale kabokosi kosakhudzidwa sikakhala koyera kotheratu, chifukwa mkati mwake mumakhala chilembo chosindikizidwa, ndiye kakhoza kusonyeza maperesenti 8 kapena 10. Kodetsedwa bwino kamafika pa 80 kapena kuposa. Apa munthu wokonza pulogalamu amaika malire: kabokosi kakada kupitirira pakuti, tikatenge kuti kasankhidwa.

Ntchito yachitatu ndi yophweka kuposa zonse. Mayankho amene awerengedwa amaikidwa mumzere umodzi, mayankho olondola, amene aphunzitsi amati kiyi, mumzere wina, n'kuyerekeza. Ngakhale mu Excel ya Chipwitikizi imene ili m'maofesi a sukulu zathu, ngati kiyi ili mumzere woyamba ndipo mayankho 40 a wophunzira ali mumzere wachiwiri, malikisi amatuluka ndi mzere umodzi wokha:

```
=SOMARPRODUTO(--(B2:AO2=B$1:AO$1))*0,5
```

Pa kuwerengetsa kumeneku kompyuta siphonya. Zolakwika zonse zimalowera kumbuyo kwake: pa kuwongola chithunzi, pa malire a kuda, ndi pa kiyi.

Zimene oyamikira makina akunena zoona

Tiyambe ndi kuchuluka kwa ntchito. Mphunzitsi amene ali ndi makalasi asanu a ana 60 amakhala ndi mapepala 300 pa mayeso amodzi. Ngati pepala lililonse lili ndi mafunso 40, ndiye kuti maso ake ayenera kuyerekeza mayankho 12,000. Atamathera mphindi zitatu papepala, ndi maola 15 osadzuka pampando. Munthu wochonga usiku, nthawi zina magetsi atathima, amalumpha mzere, amaphonya pophatikiza, ndipo pepala la 250 saliona ngati mmene anaonera loyamba. Sikana ya muofesi yokoka yokha mapepala imamaliza mulu womwewo pasanathe theka la ola, ndipo pepala lomaliza imaliyeza ndi muyezo womwe inayezera loyamba.

Chachiwiri ndi nkhani ya chinyengo, imene sitiyenera kuichitira manyazi. Pamene wochonga amadziwa mwini pepala, pamakhala mpata woti kholo lifike madzulo ndi thumba la nyemba, kapena woti mtsikana aopsezedwe kuti salandira malikisi akakana zofuna za munthu wamkulu. Aphunzitsi ambiri ndi okhulupirika, koma nawonso amavutika ndi mapempho a abale ndi akuluakulu. Pepala likachoka m'manja mwa anthu odziwana n'kukawerengedwa ndi nambala m'malo mwa dzina, mphunzitsi wokhulupirika amapeza pothawira, ndipo wosakhulupirika amasowa chogulitsa. Chinyengo sichitheratu, chifukwa mafunso akhoza kubedwa mayeso asanalembedwe, koma khomo limodzi lalikulu limatsekeka.

Chachitatu sichitchulidwa kawirikawiri, koma kwa mphunzitsi n'chamtengo wapatali. Wochonga pamanja amatsala ndi nambala imodzi pa mwana aliyense. Makina amasunga yankho lililonse la mwana aliyense. Mphunzitsi akhoza kuona kuti pa funso la tizigawo ana 7 pa 10 aliwonse anasankha C, yankho limene limatuluka munthu akaphatikiza manambala a pamwamba paokha ndi a pansi paokha. Pamenepo wadziwa osati kuti ana alephera kokha, koma njira imene asokerera, ndipo Lolemba lotsatira akudziwa poyambira.

Mafunso awiri a mtsikana mmodzi

Tsopano tione mbali inayo, ndipo tiione papepala limodzi. Tiyerekeze mtsikana wa ku Domwe amene walemba mayeso a mafunso 40, ndipo kuti akhoze ayenera kupeza mavalore 10, ndiye kuti mafunso 20. Mafunso 18 wakhoza, ndipo timabokosi take tada bwino, palibe chokayikitsa. Mafunso 20 walakwa. Atsala awiri.

Pa funso 12 anayamba wasankha A, kenako anazindikira kulakwa, n'kufufuta ndi chofufutira chouma chimene chimangopaka makala m'malo mowachotsa. Atatero anadetsa C, yankho lolondola. Makina akuyeza A pa maperesenti 40, C pa 78, B ndi D pa 9. Pa funso 23 nthawi inali itatha, pensulo itabuntha, ndipo anangokhwatcha kamzere kopepuka pa D, yankho lolondolanso. Makina akuyeza D pa 28, enawo pa 8 kapena 9.

Mphunzitsi aliyense woona pepalali ndi maso angapereke mafunso onse awiri, ndipo mtsikanayu angapeze 10. Nanga makina? Malire akaikidwa pa maperesenti 35, chofufutidwa cha pa funso 12 chimawerengedwa ngati yankho chifukwa 40 yaposa 35, funsolo limaoneka ngati layankhidwa kawiri, ndipo limafa. Kamzere ka pa funso 23 sikafika pa 35, ndiye funsolo limaoneka ngati losayankhidwa. Mtsikana watsala ndi 9. Wokonza pulogalamu akatsitsa malire kufika pa 25, funso 23 lapulumuka koma 12 lafabe, ndipo malikisi ndi 9.5. Akawakweza kufika pa 45, funso 12 lapulumuka koma 23 latayika, malikisi ndi 9.5 yomweyo. Palibe malire amodzi amene angampatse mafunso onse awiri, chifukwa chimene anafufuta n'chakuda kuposa chimene anasankha pa funso linalo.

Apa ndi pamene mawu oti makina sakondera amafunika kuwaonanso bwino. Sikelo ya pamsika wa Ulongwe siidziwa nkhope ya mlimi, koma ngati inaikidwa molakwika imabera aliyense amene waikapo thumba lake, ndipo amene amavulala kwambiri ndi amene alibe pokadandaula. Malire a kuda amaikidwa ndi munthu, ndipo ana amene amagwera pafupi ndi malirewo si ana wamba osankhidwa mwamwayi. Ndi amene ali ndi pensulo yolimba yotchipa imene siida, amene alibe chofufutira chabwino, amene amalembera pabenchi yokumbikakumbika kapena pamiyendo, ndi amene akuona pepala lotere koyamba tsiku la mayeso lomwelo. Mwana wa m'tauni amene wayeserera kudetsa timabokosi chaka chonse sakumana nazo zimenezi.

Mapulogalamu abwino ali ndi njira yochepetsera vutoli. M'malo moyang'ana malire amodzi okha, amayerekeza timabokosi ta funso limodzi tokhatokha. Pa funso 23, D wa 28 wada kuwirikiza katatu kuposa anzake, ndiye n'zoonekeratu kuti wakhudzidwa dala. Pa funso 12, C wa 78 waposa A wa 40 ndi mpata waukulu. Komabe njira imeneyi nayo ili ndi malekezero. Bwanji A akanakhala 60 ndipo C 70? Kodi ndi kufufuta kosatheka, kapena mwana wadetsa ziwiri dala kuti chimodzi chimugwere? Manambala sangayankhe. Choyenera n'chakuti pulogalamu iike chizindikiro pa funso lotere, idule kachithunzi ka mzerewo, n'kukaonetsa munthu. Pulogalamu yaulere ya Auto Multiple Choice, imene aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite amagwiritsa ntchito, imalola zimenezi: wochonga amaona timabokosi tokayikitsa titakulitsidwa, n'kusankha yekha.

Pepala likasuntha

Vuto la malire limakhudza funso limodzi kapena awiri. Vuto la kusuntha kwa pepala likhoza kuwononga mayeso onse a munthu.

Mu Okutobala 2005, ku America, ophunzira oposa 4,000 amene analemba mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT anapatsidwa malikisi otsika kuposa amene anapeza, ena anataya mapointi oposa 400 pa 2,400. Kampani ya Pearson, imene inkajambula mapepalawo, inafotokoza kuti chinyezi chinali chimodzi mwa zifukwa zake. Sabata ya mayesoyo kunagwa mvula yambiri, mapepala anamwa chinyezi n'kufufuma pang'ono, ndipo timabokosi tinachoka pamalo pamene makina ankatiyembekezera. Nkhaniyi inadziwika poyera mu Malichi 2006, ndipo chiyambi chake chinali ophunzira awiri amene anapempha kuti mapepala awo achongedwenso pamanja.

Munthu wa ku Angónia akamva zimenezi ayenera kutchera khutu. Mayeso athu a kumapeto kwa chaka amalembedwa mu Novembala ndi Disembala, mvula itayamba, m'dera lokwera limene limalandira mvula yambiri kuposa kuchigwa kwa Zambezi. Mapepala amayenda ulendo wautali. Kungofika mumzinda wa Tete kuchokera ku Ulongwe ndi makilomita oposa 200. Envulopu ya pulasitiki yomata bwino, ndi kusunga mapepala pamalo ouma asanajambulidwe, si nkhani yaing'ono.

Pasukulu imene ikuchonga yokha mayeso ake, mdani wamkulu si mvula koma makina a fotokope. Ambiri amachepetsa chithunzi pang'ono kuti chikwane papepala. Tinene kuti achepetsa ndi maperesenti atatu. Ngati mizere ya mayankho yatenga mamilimita 240 kuchokera pamwamba kufika pansi, mzere womaliza umasuntha ndi mamilimita 7. Mizere ikakhala yotalikirana mamilimita 6, ndiye kuti pansi pa pepala pulogalamu ikuwerenga mzere wina m'malo mwa wina. Zizindikiro za m'makona zinaikidwira zimenezi, chifukwa zikapezeka zonse zinayi pulogalamu imabwezera chithunzi pamsinkhu wake. Koma kona ikapindika, ikabooledwa ndi sitepula, kapena mwana akajambulapo maluwa podikira nthawi, pulogalamu yosasamala imangoganizira n'kupitiriza.

Ubwino wake ngwakuti vutoli limasiya mapazi. Pepala losuntha limaoneka bwino kumayambiriro, kenako timabokosi tokayikitsa timachuluka pamene mukutsika, chifukwa pulogalamu ikuyeza theka la kabokosi kena ndi theka la kena. Palinso kusuntha kochokera kwa mwana mwini: walumpha funso 15 koma osalumpha mzere 15, ndiye mayankho onse otsatira akwera ndi mzere umodzi. Chizindikiro chake ndi mwana amene wakhoza 12 mwa mafunso 14 oyamba, kenako n'kumangokhoza apo ndi apo. Mukasunthira kiyi mzere umodzi n'kuona malikisi akudumpha, mwapeza chimene chinachitika. Kumukhululukira kapena ayi ndi nkhani ya malamulo a mayeso, koma ndi bwino kuti ogamula adziwe zoona zake.

Kiyi ikalakwika

Wochonga pamanja akapatsidwa kiyi yolakwika, amazindikira msanga. Akaona ana anzeru asanu otsatizana alakwa funso limodzimodzi ndi yankho lofanana, amaima, n'kuliwerengetsa yekha. Makina saima. Amachonga mapepala onse molakwika mofanana, ndipo mwaukhondo wake cholakwikacho chimaoneka ngati choona.

M'chaka cha 2000, m'chigawo cha Minnesota ku America, ophunzira pafupifupi 8,000 anauzidwa kuti alephera mayeso a masamu pamene anali atakhoza, ndipo ena anamanidwa satifiketi yomalizira sekondale pa nthawi yake. Vuto linali mu kiyi ya mafunso angapo. Linadziwika chifukwa bambo wina, amene anali loya, anaumirira kwa milungu ingapo kuti aone mayeso a mwana wake wamkazi. Tizifunse moona mtima: ndi makolo angati a ku Domwe kapena ku Lifidzi amene angathe kuumirira chotero, m'Chipwitikizi, ku ofesi ya kutali?

Komabe chida chogwirira kiyi yolakwika chimachokera m'makina momwemo. Popeza yankho lililonse lasungidwa, n'zotheka kusanja ophunzira kuyambira wapamwamba mpaka wapansi, n'kutenga gulu la pamwamba ndi la pansi. Akatswiri a mayeso amakonda kutenga maperesenti 27 mbali iliyonse, potsatira zimene Truman Kelley anasonyeza mu 1939. Pa ana 120, ndiye kuti 32 apamwamba ndi 32 apansi. Funso labwino limakhozedwa ndi apamwamba ambiri kuposa apansi. Tsono tinene kuti pa funso 31 kiyi ikuti B. Mwa apamwamba 32, atatu okha ndi amene asankha B, pamene 27 asankha D. Mwa apansi, 10 asankha B. Apa ofooka akukhoza funso limene anzeru akulilephera, ndipo anzeruwo agwirizana pa yankho limodzi. Kawirikawiri zikatere ndiye kuti kiyi yalakwika, kapena funso lili ndi mayankho awiri olondola. Kufufuza kumeneku kumatenga mphindi zochepa, koma kumafuna kuti wina alamule kuti zotsatira zisatuluke kusanachitike.

Ngozi ina ya kiyi imabwera pamene mayeso asindikizidwa m'mitundu iwiri kapena inayi, mafunso atasinthidwa malo kuti oyandikana asaonerane. Mwana akaiwala kusonyeza mtundu wa pepala lake, kapena likachongedwa ndi kiyi ya mtundu wina, amapeza malikisi ofanana ndi a munthu wongolota, mafunso 10 pa 40 kapena pafupi ndi pamenepo. Wophunzira amene chaka chonse amapeza 15 akatuluka ndi 5, chinthu choyamba kuyesa ndi kiyi zinazo.

Chimene timabokosi sitingayeze

Pali dandaulo lina limene silikhudza sikana, koma mtundu wa mayeso amene sikana imafuna. Pa mafunso 40 a mayankho anayi, munthu wosadziwa kanthu amene wangolota amapeza pafupifupi 10, ndiwo mavalore 5. Amene akudziwadi mafunso 14 okha n'kulota 26 otsalawo, amawonjezera 6 kapena 7, n'kufika pa 20. Wakhoza akudziwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene anafunsidwa. Mayeso ena amachotsa gawo limodzi mwa atatu la malikisi a funso pa yankho lililonse lolakwika pofuna kufafaniza phindu la kulota, koma njirayi imalanganso mwana wamantha amene amasiya funso ngakhale akulidziwa pang'ono.

Mbali inayo, mwana amene watsata njira yonse ya samu molondola n'kuphonya chizindikiro pa sitepe yomaliza sapeza kanthu, chimodzimodzi ndi amene sanayese n'komwe. Ndipo mayeso akakhala a timabokosi okhaokha, kuphunzitsa nako kumatsata komweko: ana amazolowera kuzindikira yankho m'malo molipanga, ndipo kulemba ndime yomveka kumafooka.

Nkhani ya chilankhulo ili ndi mbali ziwiri. Ana ambiri a kuno amakula akulankhula Chinyanja, ndipo Chipwitikizi amachipeza kusukulu. N'chifukwa chake chigawo cha Tete chinali chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997. Kwa mwana wotere, kusankha yankho kumamupeputsira mtolo, chifukwa amene wamvetsa sayansi salephera chifukwa chosatha kuilemba m'Chipwitikizi chosalala. Koma mafunso osankha amakonda kubisa msampha m'kaliwu kamodzi, monga kokanira kapena kopatula, ndipo wosazolowera chilankhulo amagwa pamenepo popanda wina woona kuti mfundo yeniyeni anali nayo.

Ndikaika zonse pamodzi

Sindikuona chifukwa chobwerera ku kuchonga mapepala masauzande pamanja pa mafunso osankha. Pa kuyerekeza zilembo ndi kuphatikiza malikisi, makina amaposa munthu wotopa, ndipo chitetezo chimene amapereka kwa mtsikana amene akanaopsezedwa ndi wochonga n'chenicheni. Koma sindivomerezanso kuti nambala yotuluka m'kompyuta ikhale mawu omaliza. Taona kuti pa SAT ndi ku Minnesota zolakwika sizinagwidwe ndi makina, zinagwidwa ndi anthu amene anali ndi mwayi wopempha kuti pepala lionedwenso. Kusiyana kwa kuchonga kwachilungamo ndi kopondereza kwagona pa zimene zazungulira makinawo.

Zimenezo si zodula. Makina asanayambe ntchito, ayesedwe ndi pepala lodzazidwa motsatira kiyi, limene liyenera kupeza 20, ndi lina losalembedwa, limene liyenera kupeza 0. Pa mulu uliwonse, mapepala angapo otoledwa mwachisawawa achongedwenso pamanja. Funso lililonse limene lawerengedwa ngati loyankhidwa kawiri kapena losayankhidwa lionedwe ndi munthu, makamaka kwa ophunzira amene atsala pang'ono kufika pa malikisi okhozera, chifukwa ndi pamene theka la valore limasintha chaka chonse cha munthu. Kiyi ifufuzidwe poyerekeza apamwamba ndi apansi zotsatira zisanakhomedwe pakhoma. Ndipo chithunzi cha pepala chisungidwe, kuti wodandaula athe kuchiona pamodzi ndi zimene makina anawerenga, ku ofesi ya zamaphunziro ya boma la Angónia, osati ku likulu la dziko kokha.

Masukulu athu nawo ali ndi gawo lawo, ndipo safunika kudikira lamulo. Mphunzitsi amene ali ndi foni ndi pulogalamu monga ZipGrade akhoza kuchonga mayeso a m'kalasi pojambula mapepala, malinga awayale pathebulo losalala, pamalo owala bwino, popanda chithunzithunzi cha dzanja lake kugwera papepala, pakuti mthunzi umadetsa timabokosi tosakhudzidwa. Phindu lalikulu la kuchita zimenezi si nthawi imene mphunzitsi wapulumutsa. Ndi lakuti mwana wa kumudzi amaona ndi maso ake, miyezi yambiri mayeso a boma asanafike, kuti kamzere kopepuka sikawerengedwa ndipo chofufuta mwaulesi chimapha funso. Nthawi imene yapulumutsidwayo mphunzitsi aithere pa zimene makina sangathe: kuwerenga ndime zimene ana alemba okha ndi kutsata njira zawo za masamu mzere ndi mzere.

Amene amayendetsa mayeso ali ndi ufulu wonena kuti makina awo ndi olondola. Kholo nalo liyenera kukhala ndi ufulu wonena kuti, ndionetseni pepala la mwana wanga. Malinga ngati zonse ziwirizi zikutheka, ndilibe mantha kuti mayeso a ana a ku Angónia achongedwe ndi makina.